Bondo likatsala: kusamalira chitsa cha mmunsi mwa bondo mpaka tsiku lovala mwendo woikirira

Dokotala wa opaleshoni akamasankha podula mwendo, nkhawa yake yaikulu imakhala pa bondo. Amayesetsa kulisiya, ngakhale zitafunika kuti bala lichedwe kupola. Koma bondo lomwelo, limene lapulumuka m'chipinda cha opaleshoni, likhoza kuwonongeka m'wodi pa milungu itatu yokha chifukwa cha pilo mmodzi amene agadiyani aika pansi pake mwachifundo. Nkhani ino talembera inu amene mukuphunzira ntchito yothandiza odwala kuti abwerere mwakale, ndipo tikhazikika pa munthu wodulidwa mmunsi mwa bondo, chifukwa ndi amene ntchito yanu ya milungu yoyambirira imasintha kwambiri tsogolo lake.

Tiyambe ndi mawu. Gawo la mwendo limene latsala tizilitchula kuti chitsa, ndipo m'wodi mudzamva ena akuti sitampu. Amenewa ndi mawu a pakati pa ife ogwira ntchito. Mukamayankhula ndi mwiniwake, nenani kuti "mwendo wanu", chifukwa ndi mwendo wake ndithu, ndipo munthu amene wayamba kuuona ngati chinthu chachilendo safuna kuugwira, kuusambitsa kapena kuuyang'ana.

Podula, ndi chifukwa chake bondo ndi lofunika chonchi

Malo odulira amayambira ku chala mpaka m'chiuno. Pali kudula chala, kudula chala pamodzi ndi fupa lake la m'phazi, ndi kudula phazi chopingasa pakati. Kudula phazi chakumbuyo, pamene pamatchedwa ndi mayina a Lisfranc ndi Chopart, kuli ndi vuto lake lodziwika: minofu yokweza phazi imataya pogwira pamene katumba akukokabe chidendene, choncho phazi lotsalalo limaloza pansi ndipo munthu amayamba kupondera pa chipsera. Kenako pali kudula pa kakolo m'njira ya James Syme, dokotala wa ku Edinburgh wa m'zaka za m'ma 1840, imene imasunga khungu lokhuthala la chidendene kuti munthu athe kupondera pa nsonga. Pamwamba pake ndiye pali kudula mmunsi mwa bondo, kudula pa mfundo ya bondo penipeni, kudula pa ntchafu, ndi kuchotsa mwendo wonse m'chiuno.

Kusiyana kwakukulu kuli pakati pa mmunsi ndi pamwamba pa bondo. Munthu wodulidwa mmunsi mwa bondo amafuna mphamvu zochulukirapo poyenda kuposa munthu wa miyendo iwiri, koma mwapang'ono. Wodulidwa pa ntchafu amafuna zochuluka kwambiri, moti kwa wokalamba amene mitsempha yake ya magazi ndi yodwala zikhoza kufika kuwirikiza kawiri. Mtima wa munthu wotere nthawi zambiri sulolera, ndipo n'chifukwa chake okalamba ambiri odulidwa pa ntchafu amalandira mwendo woikirira koma n'kuutsamiritsa pakhoma, iwo n'kubwerera ku ndodo kapena njinga ya olumala. Bondo lake lenileni limamuuza munthu pamene mwendo wake uli ngakhale mumdima, limamudzutsa pa mpando, limamutsitsa pa chitunda, ndipo palibe bondo lachitsulo limene limachita zonsezi.

Utali wa chitsa nawonso uli ndi malire. Lamulo lakale limene madokotala ambiri amatsatira ndi lakuti pa masentimita 30 aliwonse a msinkhu wa munthu pasiyidwe masentimita 2.5 a fupa lalikulu la msongolo, lotchedwa tibiya. Kwa akuluakulu ambiri zimenezi zimagwera pakati pa masentimita 12 ndi 17 kuyambira pa mfundo ya bondo. Chitsa chachifupi kwambiri chimasowa mphamvu yokankhira mwendo woikirira ndipo bondo likapinda chimavuka m'soketi, chikho cha mwendo woikirira chimene chitsa chimalowamo. Chachitali kwambiri, chofika kumunsi kumene msongolo uli ndi khungu ndi fupa lokha, chimavuta kupola ndipo sichisiya malo oika zitsulo ndi phazi. Fupa laling'ono la kunja, fibula, limadulidwa lalifupi kuposa tibiya ndi sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo kutsogolo kwa tibiya kumasemedwa mopendeka kuti nsonga isathwe. Kwa odwala shuga ndi a mitsempha yotsekeka, kawirikawiri amagwiritsa ntchito njira imene Ernest Burgess wa ku Seattle anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1960: amasiya khungu ndi mnofu wautali wa kumbuyo, kumene magazi amayenda bwino, n'kuupindira kutsogolo. Ndiye mukaona chipsera chili kutsogolo, chopingasa pafupi ndi nsonga ya tibiya, musadabwe. Koma dziwani kuti chakhala pamalo pamene soketi idzavutitse kwambiri.

Inu simudula mwendo, koma zonsezi muyenera kuzifufuza ndi zala zanu bala likapola. Yezani utali wa tibiya. Papasani nsonga yake mumve ngati ili yakuthwa. Papasani kunja mumve ngati fibula yatsala yaitali kuposa tibiya. Mukapeza chimodzi mwa zimenezi, lembani ndipo muuze dokotala ndi wopanga miyendo msanga, chifukwa bandeji sangakonze fupa.

Bambo wa pa bedi la pakona

Titenge chitsanzo chimene tizichitsatira mpaka kumapeto. Ndi bambo wa zaka 58, mlimi, wodwala shuga, wamtali masentimita 165. Chilonda cha kuphazi lamanja chinanyeka mpaka anamudula mmunsi mwa bondo, ndipo tibiya yotsala ndi masentimita 14, zomwe zikugwirizana ndi lamulo lija. Mukumuona tsiku lachiwiri. Wagona chagada, bondo lapinda, pansi pake pali chitenje chopindidwa.

Palibe amene walakwa dala. Bondo lopinda limachepetsa ululu, chifukwa minofu ya kumbuyo imene yasokedwa imamasuka. Thupi lenilenilo limakokera komweko: kulemera kwa phazi kumene kunkawongola mwendo kwachoka, ndipo minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ikukoka popanda woitsutsa pamene ya kutsogolo yafooka ndi ululu. Bedi la chipatala likakhala lolowa pakati, chiuno nachonso chimapinda. Akakhala pa njinga, chitsa chimalendewera, bondo lili pa madigiri 90, ndipo madzi akutsikira ku nsonga. Tsiku lonse la munthuyu ndi la bondo lopinda. Pakatha milungu iwiri kapena itatu, minofu ndi zomangira za kuseri kwa bondo zimafupika, ndipo limakana kuwongoka ngakhale mutalikankha.

Chifukwa chake zimenezi zili zoopsa chimaoneka ku malo opangira miyendo. Soketi ya mmunsi mwa bondo imaikidwa yopendekera kutsogolo pang'ono, pafupifupi madigiri 5, kuti thupi litsamire pa malo olimba a kutsogolo kwa chitsa. Ngati bondo likulephera kuwongoka ndi madigiri 10 kapena 15, wopanga mwendo akhoza kuwonjezera kupendekako n'kusuntha phazi kuti likhale pansi pa thupi. Munthu adzayenda, koma ndi sitepe yaifupi ndi ntchafu yotopa msanga, chifukwa mnofu wa kutsogolo supuma pa bondo limene silifika powongoka. Kupinda kukapitirira madigiri 25, mwendo woikirira wamba umavuta kwambiri kuupanga, makamaka chitsa chikakhala chachitali, ndipo ena amathera pa mwendo wogwadira. Pamenepo phindu lonse la bondo limene dokotala analisiya latha.

Choncho ntchito yoyamba kwa bambo wathu si masewera ovuta. Chotsani chitenje pansi pa bondo, ndipo fotokozani chifukwa chake kwa iye ndi kwa agadiyani onse, kuphatikizapo amene amabwera usiku, chifukwa mukangochoka chidzabwerera. Mawu ake angakhale akuti: "Mayi, tikudziwa kuti akapinda ululu umachepa, koma bondo likauma chonchi bambo sadzavala mwendo. Likhale lowongoka ngati mwendo winawu." Ngati pakufunika kukweza chitsa chifukwa cha kutupa, kwezani kumiyendo kwa bedi lonse, osati bondo lokha. Pa njinga ikani thabwa lokutidwa ndi nsalu pansi pa khushoni, lotulukira kutsogolo, kuti chitsa chigone chowongoka. Ndipo kambiranani ndi anamwino za nthawi ya mankhwala a ululu, kuti muzibwera patatha theka la ola atamwa. Munthu amene akumva ululu woopsa sangawongole bondo ngakhale mutamulalikira motani.

Kugona chafufumimba ndi mankhwala otsika mtengo kuposa onse. Dokotala akalola, bamboyu agone choncho mphindi 20 mpaka 30, kawiri kapena katatu pa tsiku, chiuno chili chogunda matiresi. Kumawongola chiuno ndi bondo nthawi imodzi. Amene ali ndi vuto la mtima kapena la kupuma sangathe, ndiye agone chagada pamalo olimba opanda pilo wamkulu kumutu. Masewera oyamba ndi okanikiza kuseri kwa bondo pa matiresi, kulimbitsa ntchafu, kuwerenga mpaka 5 kapena 10, kenako kumasula, kakhumi pa ola lililonse ali maso. Pambuyo pake onjezani kukweza mwendo wowongoka, kuukankhira kumbuyo ndi kumbali atagona chammbali, ndi kukweza matako. Minofu ya m'matako ndi imene idzamuyendetse, choncho musaiiwale chifukwa chotanganidwa ndi bala.

Yezani bondo ndi goniyomita, chida choyezera madigiri a kupinda kwa mfundo, ndipo lembani nambala, osati mawu akuti "likuwongoka bwino". Maso amanama, makamaka pa chitsa chotupa chokulungidwa. Tinene kuti pa tsiku la 10 mwapeza kuti bambo wathu akupereweza madigiri 15. Pa nthawi imeneyi n'zotheka kubweza. Kukoka kofatsa kwa nthawi yaitali, monga kugona chafufumimba kapena kukhala chitsa chili pa thabwa kathumba ka mchenga kopepuka kali pamwamba pa bondo, kumathandiza kuposa kukankha mwamphamvu kwa mphindi imodzi, kumene kumangoutsa ululu ndi kukoka ulusi wa pabala. Kumene kuli kotheka, chikhakha cha pulasitala cha kumbuyo kwa mwendo, kapena chovulika chokuta chitsa chonse, chimagwira ntchito zitatu pamodzi: chimawongola bondo, chimachepetsa kutupa, ndipo chimateteza bala munthu akagwa.

Kugwako kumachitikadi. Pafupifupi aliyense wodulidwa amamva ngati phazi lidakalipo, ena amamva zala zikuyabwa kapena kuwotcha. Usiku bambo wathu akadzuka ndi tulo m'maso kuti akataye madzi, adzaponda ndi phazi limene kulibe, n'kugwera pa nsonga ya chitsa. Bala likang'ambika, milungu ingapo yatayika, ndipo nthawi zina amadulidwanso pamwamba. Muuzeni zimenezi tsiku loyamba. Muuzeninso kuti kumva phazi limene linachotsedwa si misala ndipo si zamatsenga, ndi ubongo umene sunaiwale mapu a thupi, chifukwa ambiri amabisa poopa kusekedwa.

Bandeji

Chitsa chatsopano chimakhala chotupa, chachikulu kunsonga kuposa kumtunda, ngati chibonga. Soketi ndi chikho cholimba chokhala ndi khomo kumwamba, ndiye chinthu chachikulu kunsonga sichingalowe. Cholinga cha kumanga ndi kufinya madzi kuti abwerere kumtunda ndi kuumba chitsa kuti nsonga isapose kumtunda.

Tinene mosabisa kuti m'maiko ena bandeji wotanuka anamusiya, amagwiritsa ntchito sokosi yofinya yosokedwa kale kapena chikhakha chovulika, chifukwa bandeji womangidwa molakwika amawononga kuposa kusamanga n'komwe. Kumene masokosi amenewo kulibe, bandeji ndi amene tili naye, ndiye tiyenera kumudziwa bwino. Nthawi yoyambira amanena ndi dokotala. Kwa odwala mitsempha ya magazi ulusi umachotsedwa mochedwerapo, nthawi zambiri pa milungu itatu, ndipo kufinya kwenikweni kumadikira mpaka bala litaonetsa kuti likugwirana.

Pa chitsa cha mmunsi mwa bondo gwiritsani ntchito bandeji wa masentimita 10 m'lifupi, kawirikawiri awiri olumikizidwa. Wa masentimita 15 ndi wa pa ntchafu. Wodwala awongole bondo. Mzere uliwonse uyende mopendeka, kuchokera pa ngodya imodzi ya nsonga kukwera kumbali ina, kuzungulira kumbuyo, n'kutsikira ku ngodya inayo, monga mmene imalembedwera nambala 8. Kokani bandeji pamene mukuzungulira nsonga, pafupifupi theka la kutanuka kwake, ndipo mumasule dzanja pamene mukukwera. Mzere uliwonse ukute theka la unzake. Pasatsale kabowo kamene khungu likuonekera kunsonga, chifukwa madzi onse adzathamangira pomwepo. Pomaliza kwerani pamwamba pa bondo ndi mzere umodzi kapena iwiri yosafinya kuti bandeji asavuke, koma kafupa ka pabondo kakhale poyera kuti bondo lizitha kuyenda. Mangani ndi tepi, osati zitsulo zokolera zimene zimabaya khungu la munthu wosamva bwino.

Cholakwa chofala ndi chimodzi: kuzunguliza bandeji mopingasa ngati mmene timamangira mtolo. Mzere wopingasa mmunsi mwa bondo umasanduka chingwe chotseka magazi obwerera, nsonga imatupa kwambiri, ndipo chibonga chija chimakula m'malo mochepa. Zizindikiro zake ndi izi: wodwala akuti chitsa chikugunda ngati mtima, mukamasula mukupeza mzere wolowa m'khungu kumtunda, nsonga ili yozizira kapena yasintha mtundu. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, ndiye dalirani dzanja lanu: fananizani kutentha ndi malo oyandikana nawo, yang'anani pamene padera kuposa pena kapena pakunyezimira, ndipo muchite zimenezi pa kuwala kwa dzuwa.

Bandeji amamasuka yekha munthu akamatembenuka, choncho amangidwenso pa maola 4 aliwonse masana, ndiponso nthawi iliyonse akatsetsereka. Amavalidwa usana ndi usiku, kupatula posamba ndi poona khungu. Izi zikutanthauza kuti womanga weniweni si inu. Ndi wodwala ndi mkazi wake kapena mwana wake. Kuwaonetsa kamodzi sikokwanira. Amange inu mukuona, katatu kapena kanayi, masiku osiyana, asanatuluke m'chipatala. Akhale ndi mabandeji osachepera awiri kuti wina akachapidwa wina akhale pamwendo. Achapidwe ndi sopo wamba, asapotokoledwe pofinya, ndipo ayanikidwe chogoneka pamthunzi, chifukwa kupachika pa chingwe padzuwa kumapha mphira wake.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, yezani kuzungulira kwa chitsa ndi tepi pamalo omwewo nthawi zonse, mwachitsanzo masentimita 5 ndi masentimita 10 kuchokera mmunsi mwa kafupa ka pabondo, nthawi yofanana ya tsiku. Tinene kuti bambo wathu pa mlungu wachitatu ali ndi 33 kumtunda ndi 36 kumunsi. Nambala ya kumunsi ndi yaikulu, ndiye sanakonzeke. Pa mlungu wa 7 mwapeza 32 ndi 31, ndipo mlungu wotsatira nambala zake ndi zomwezo. Nsonga yachepa kuposa kumtunda ndipo kusintha kwaima. Ngati bala lapola ndipo bondo likuwongoka, ino ndi nthawi yomutumiza kukayezedwa. Kwa ambiri imafika pakati pa milungu 6 ndi 12, koma chotsogolera ndi chitsa, osati kalendala.

Bala likatsekeka, pali ntchito ina yaing'ono imene imaiwalika. Chipsera chimakonda kumatirira ku nsonga ya tibiya. Khungu lomatirira silitsetsereka soketi ikamalikoka, ndiye limang'ambika. Wodwala aike zala ziwiri pambali pa chipsera, akanikize, n'kuyendetsa khungu pamwamba pa fupa mozungulira, osati kupukuta pamwamba pa khungu, mphindi 5 kangapo pa tsiku. Azigwiranso chitsa, kuchisisita ndi nsalu yofewa kenako yokhakhala, ndi kuchimenya pang'onopang'ono ndi zala kuti chizolowere kukhudzidwa. Mukapeza kamalo kamodzi kamene mukakagogoda ululu umathamanga ngati magetsi, kameneko kangakhale kachotupa ka kunsonga kwa mtsempha wodulidwa. Kalembeni kuti wopanga soketi akapewe. Chitsa chisambitsidwe madzulo ndi kuumitsidwa bwino, osachiviika m'madzi nthawi yaitali ndiponso osachimeta.

Mu soketi

Mwendo woikirira wa mmunsi mwa bondo uli ndi soketi, kachikho kofewa ka mkati, chogwirira kuti usavuke, chitsulo cholumikiza, ndi phazi. Soketi yofala ndi ya mtundu wa PTB, yotsamira pa mtsempha wa mmunsi mwa kafupa ka pabondo, imene Charles Radcliffe ndi James Foort anaikonza ku yunivesite ya California ku Berkeley kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Malo ambiri opangira miyendo m'maiko osauka amaumba soketi ndi pulasitiki wa polipuropilini, motsatira njira imene bungwe la International Committee of the Red Cross linafalitsa, ndipo phazi lake kawirikawiri ndi la SACH, lopanda mfundo pa kakolo koma lokhala ndi chidendene chofewa.

Mfundo ya soketi imeneyi ndi yakuti munthu sapondera pa nsonga ya fupa lodulidwa. Kulemera kumagawidwa pa malo amene amapirira: mtsempha wolimba wa mmunsi mwa kafupa ka pabondo, mbali ya mkati ya tibiya pamene fupa limatambasuka chakumtunda, mnofu wa pakati pa tibiya ndi fibula, chigawo cha pakati cha fibula, ndi mnofu wa kumbuyo. Malo osapirira amasiyiridwa mpata: mzere wakuthwa wa kutsogolo kwa msongolo, nsonga ya tibiya, mutu wa fibula pamene pamadutsa mtsempha wopita kuphazi, nsonga ya fibula, ndi mitsempha iwiri ya kuseri kwa bondo imene imaumbika munthu akakhala pansi. Mapu amenewa muwadziwe pa thupi lanu lomwe, powapapasa, chifukwa ndi amene mudzawerengere khungu la wodwala.

Tsiku loyamba bambo wathu avale mwendo mphindi 15 zokha, aime pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira, asunthe kulemera uku ndi uku, kenako avule muone. Chizindikiro pa mtsempha wa mmunsi mwa kafupa ka pabondo ndi chabwino, chikusonyeza kuti wakhala pamalo pake. Chizindikiro pa mutu wa fibula kapena pa nsonga ya tibiya si chabwino. Chilichonse chimene sichinazimirike patatha mphindi 15 mpaka 20 chikutanthauza kuti pakanikizika mopitirira. Kwa wodwala shuga musafunse kuti "zikupweteka?" n'kukhutira ndi yankho, chifukwa mitsempha yake yomvera inafooka ndipo akhoza kuyenda pa thuza tsiku lonse osadziwa. Nthawi yovala iwonjezeke pang'onopang'ono, ndipo apatsidwe kagalasi koonera kumbuyo ndi kunsi kwa chitsa.

Vuto limene lidzabwere mosalephera ndi lakuti chitsa chidzapitiriza kuchepa akayamba kuyenda, mofulumira m'miyezi yoyamba, pamene soketi siisintha. Apa ndi pamene masokosi a chitsa amagwira ntchito. Amabwera mokhuthala mosiyana, ndipo makulidwe ake amawerengedwa ndi nambala, kawirikawiri 1, 3 ndi 5, zimene zimaphatikizidwa. Chitsa chikachepa, chimamira m'soketi. Bamboyu adzadandaula kuti nsonga ikupweteka, mwendo wafupika, ndipo mukavula mudzapeza chizindikiro chakwera pa kafupa ka pabondo penipeni m'malo mwa mmunsi mwake. Yankho ndi kuwonjezera sokosi. Masokosi akachuluka, chitsa sichifika pansi: mwendo umaoneka wautali, chizindikiro chimatsikira pa kachitunda ka tibiya, ndipo nsonga imalendewera m'mpata. Chosokoneza n'chakuti mbali zonse ziwiri wodwala amati "kunsonga kukupweteka", ndiye ambiri amangowonjezera sokosi. Njira yosavuta yosiyanitsira ndi kuika kampira kakang'ono ka dongo lofewa kokutidwa m'pulasitiki pansi pa soketi, munthu aime, kenako muone. Kakaphwanyika kwathunthu, wamira. Kakapanda kukhudzidwa, sakufika.

Mpata wa kunsongawo si wabwino monga ena amaganizira. Soketi ikafinya kumtunda pamene nsonga ilibe chokhudza, madzi amasonkhana kumeneko, khungu limada ndi kulimba, ndipo pakapita miyezi limamera tinthu tokhakhala ngati njerewere. Mankhwala ake si mafuta odzola, koma kukonza soketi kuti nsonga ikhudze mofatsa. Ndipo masokosi akafika pa makulidwe 10 kapena kupitirira, soketi yakula kwambiri. Mafupa ayamba kuzungulira mkati ndipo pakufunika kuimata mkati kapena kuumba ina. Kuno kwathu zimenezi ziyenera kukonzedwa pasadakhale, chifukwa malo opangira miyendo ali m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo mlimi wa kutali safika kumeneko popanda kugulitsa kanthu. Akauzidwa kuyambira pachiyambi kuti soketi yoyamba si yomaliza, amasunga ya thiransipoti. Akapanda kuuzidwa, amaika nsanza m'soketi mpaka chilonda chitabuka.

Thukuta ndi mdani wina, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala komanso m'madera a kunyanja ndi kuchigwa cha Shire. Pulasitiki sapuma. Sokosi yonyowa imapanga makwinya, ndipo khwinya limodzi pa msongolo limakwana kutulutsa thuza. Ayende ndi sokosi youma m'thumba, asinthe masana, ndipo madzulo apukute m'kati mwa soketi ndi nsalu ya sopo kuti iume usiku. Akavula mwendo kuti agone, abwezeretse bandeji m'miyezi yoyambayi, apo ayi m'mawa chitsa chidzakana kulowa.

Pali chinthu china chimene ophunzira ambiri sachiganizira, ndicho nsapato. Mwendo umayezedwa ndi nsapato imodzi, ndipo phazi la SACH silidziwa kusintha. Bambo wathu akayezedwa ndi nsapato ya chidendene cha masentimita 2 kenako kunyumba n'kuvala patapata kapena kuyenda wopanda nsapato, mwendo wonse umapendekera kumbuyo, bondo limakankhidwira kumbuyo, ndipo amamva ngati akukwera phiri. Akavala ya chidendene chachitali, bondo limagwera kutsogolo msanga ngati akutsika chitunda, ndipo nsonga ya tibiya imagunda khoma la kutsogolo la soketi. Ndiye munthu akabwera ndi kayendedwe kosintha kapena bala latsopano kutsogolo kwa nsonga, yang'anani masokosi ndi nsapato musanaganize zoti wopanga mwendo analakwitsa. Mufunseninso asanayezedwe kuti amavala chiyani masiku ambiri, ndipo apite ndi nsapato imeneyo, osati ya ku tchalitchi.

Funsaninso za moyo umene akubwerera. Khoma la kumbuyo la soketi limaletsa bondo kupinda mpaka kumapeto, choncho kunjuta pa chimbudzi chokumba n'kovuta. Mpando wobowola pakati kapena chingwe chogwirira ziyenera kukonzedwa asanafike kunyumba. Kukhala pa mphasa ndi kudzukapo, kuyenda m'mizere ya m'munda, kuponda m'matope amene amagwira phazi n'kuvula mwendo, zonsezi ziyesedwe pa bwalo la chipatala, osati pa simenti yosalala yokha.

Ndipo nthawi iliyonse bamboyu akabwera, muvuleni nsapato ya kumanzere. Shuga amene anadya phazi lamanja ali m'phazi limenelinso, ndipo kwa milungu yonseyi lakhala likunyamula thupi lonse, kudumpha ndi ndodo, ndi kukhuzika pa matiresi. Yang'anani chidendene, pakati pa zala ndi pansi pa chala chachikulu, papasani kugunda kwa magazi pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo, yesani ngati akumva kukhudza, ndipo pisani dzanja m'nsapato mumve ngati muli kamwala kapena msomali. Mukapeza chikanga chokhala ndi kadontho kakuda pakati, kapena mng'alu wa chidendene umene ukutuluka madzi, masewera a tsiku limenelo aime ndipo aonane ndi dokotala tsiku lomwelo.